Musanaitanitse kontena, yezani katundu ndipo muyang'ane chitseko

Mlamu wanga wa ku Jali amagula mpunga kwa alimi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo atatopa ndi kulipira zigayo za eni anaganiza zoitanitsa chake kuchokera kunja. Tsiku lina anandipeza kunyumba ku Matawale ali ndi pepala m'manja, nkhope ili ngwee.

"Alamu, zatheka. Makinawo ndi matani atatu okha, ndiye ndauza ejenti kuti atipezere kontena yaing'ono ija."

Ndinatenga pepalalo. Bokosi lalikulu la makinawo linali la mamita 3.2 m'litali, 1.9 m'lifupi, ndi 2.45 kutalika kupita m'mwamba. Ndinawauza kuti, "Alamu, kulemera si vuto. Koma bokosi ili lidzalowera pati?" Chitseko cha kontena wamba, ngakhale mutsegule mbali zonse ziwiri, ndi chamamita pafupifupi 2.34 m'lifupi ndi 2.28 kupita m'mwamba. Bokosi lawo linali litaposa chitsekocho ndi masentimita 17.

Ambiri kwathu kuno amasankha kontena ngati mmene amasankhira galimoto ya matola: katundu akakhala wochepa atenga yaing'ono, akachuluka atenga yaikulu. Pa kontena zimenezi sizigwira. Tsatirani ndondomeko iyi, ndipo musadumphe gawo loyamba ngakhale likuoneka la ana asukulu.

Choyamba: lembani manambala anayi

Pa katundu aliyense, funsani wogulitsayo utali, mulifupi, kutalika ndi kulemera kwake atapakidwa kale, osati asanapakidwe. Makina akalowa m'bokosi la matabwa amakula mbali zonse, ndipo pansi pake amaikapo mitanda yoti fokolifiti ilowetse mano. Mitanda yokhayo imadya masentimita 10 kapena kuposapo. Manambalawa akhale papepala lolembedwa ndi wogulitsayo, asakhale a pafoni.

Mukachulukitsa utali, mulifupi ndi kutalika mumapeza makyubiki mita. Katoni ya masentimita 60 ndi 40 ndi 50 ndi 0.12. Makatoni 200 otere ndi makyubiki mita 24. Mugawenso kulemera konse ndi makyubiki mitawo kuti mudziwe kuti kyubiki mita imodzi ya katundu wanu imalemera makilogalamu angati. Nambala imeneyi ndi imene idzasankhe kontena, osati maso anu.

Chachiwiri: dziwani makontena atatu amene amanyamula pafupifupi zonse

Yaing'ono, imene aliyense amangoti twente, ndi ya 20 fiti. Mkati mwake ndi mamita pafupifupi 5.9 m'litali, 2.35 m'lifupi ndi 2.39 kupita m'mwamba, malo okwana makyubiki mita 33. Ikakhala yopanda kanthu imalemera makilogalamu pafupifupi 2,200, ndipo zambiri zimaloledwa kufika 30,480 kuphatikiza katundu, kutanthauza kuti katundu yekha angafike matani 28.

Fote, ya 40 fiti, ndi yaitali kawiri: mamita 12 mkati, makyubiki mita 67. Apa ndi pamene anthu amapusitsika. Malo ndi owirikiza, koma malire a kulemera pa zambiri ndi omwe aja a 30,480, ndipo poti iyo payokha imalemera pafupifupi makilogalamu 3,700, katundu amene inganyamule ndi wochepera pa wa twente. Yaikulu imanyamula matani ochepa kuposa yaing'ono.

Yachitatu ndi fote yaitali m'mwamba, imene amaitcha hayi kyubu. Imaposa fote wamba ndi masentimita 30 okha, koma amenewo amakweza malo kufika makyubiki mita 76, ndipo chitseko chake chimafika mamita pafupifupi 2.58. Pamapepala a ejenti mudzaona 20GP kapena 20DV, 40GP, ndi 40HC. Pa chitseko cha kontenayo palinso kanambala kena: 22G1 ndi twente, 42G1 ndi fote, 45G1 ndi hayi kyubu. Musapusitsidwe ndi 45 ameneyo, sakutanthauza 45 fiti.

Makyubiki mita a m'bukuwo simudzawadzaza onse, chifukwa makatoni sagwirizana ndendende ndi makoma. Ine ndimawerengera 28 pa twente, 58 pa fote ndi 68 pa hayi kyubu. Katundu akakhala pa mapaleti ndimachotsaponso.

Tsopano bwererani ku nambala yanu ija. Ngati kyubiki mita imodzi ikuposa makilogalamu 460, fote idzafika malire a kulemera isanadzaze, ndipo mudzakhala mutalipirira mphepo. Tengani nandolo amene amachoka kuno ku Zomba, Machinga ndi Chiradzulu kupita ku India. Matumba 480 a makilogalamu 50 ndi matani 24, ndipo amadzaza twente bwinobwino pafupifupi mpaka kudenga. Mukawaika mu fote amangofika theka, ndipo mukati muwonjezere matumba 50 kapena 60 okha mwafika kale pamalire. Ndi chifukwa chake nandolo, feteleza, simenti, matailosi ndi zitsulo zimayenda mu twente. Matiresi, mipando ya pulasitiki, mabaketi, matewera a ana ndi zina zotupa koma zopepuka zimafuna hayi kyubu, chifukwa izo zimadzaza malo zisanafike ngakhale theka la matani ololedwa.

Chachitatu: kumbukirani kuti Malawi alibe doko

Nambala yolembedwa pa chitseko ndi ya mphamvu ya kontenayo. Sikutanthauza kuti msewu uvomera. Kontena yanu idzatsika ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, kenako idzayenda pathiraki kudzalowera pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe, kapena pasitima ya pamtunda kudzera pa Nayuchi ndi Liwonde ngati yachokera ku Nacala. M'njiramo muli masikelo a pamsewu, ndipo iwo sayeza kulemera konse kokha, amayezanso katundu amene ali pa akiselo iliyonse. Twente yolemera kwambiri ikaikidwa molakwika pa thirela, akiselo imodzi imaposa malire ngakhale thiraki yonse isanapose. Thiraki imaima, chindapusa chimabwera, ndipo nthawi zina amafuna kuti katundu apungulidwe pomwepo.

Choncho musanauze wogulitsa kuti adzaze matani 28, funsani mwini thiraki kuti, "Pa njira imeneyi munganyamule zingati, kuphatikiza kulemera kwa kontenayo?" Ambiri amanena zozungulira matani 30 zonse pamodzi, ena zochepa, malingana ndi maakiselo. Ngati inu ndinu wotumiza, dziwaninso kuti kuyambira mwezi wa Julaye 2016 kontena siikwezedwa m'sitima ya pamadzi popanda kulemera kwake kotsimikizika, kumene pamapepala amalemba VGM. Zongoyerekeza m'mutu zinatha.

Chachinayi: katundu amene sakwana pachitseko

Tibwerere ku chigayo cha mlamu wanga. Panali njira zinayi, ndipo tinaziyang'ana zonse.

Yoyamba inali kutenga hayi kyubu. Bokosi la 2.45 limalowa pa chitseko cha 2.58, kutsala masentimita 13. Koma samalani: fokolifiti imayenera kulinyamulako pang'ono kuti liyende, ndiye mpata weniweni ndi wochepa kuposa pamenepo. Limalowa, koma pamafunika dalaivala wa manja ofewa.

Yachiwiri inali kontena yopanda denga, ya openi topu. Makoma ali ngati kontena wamba, koma pamwamba pali lona lomangidwa ndi chingwe chachitsulo, ndipo katundu amalowa ndi kireni kuchokera m'mwamba. Ndi yabwino pa makina aatali, magalasi aakulu ndi miyala. Vuto lake nlakuti katundu akatulukira pamwamba pa makoma, kampani ya sitima singasanjikepo kontena ina, ndiye imakulipiritsani malo amene yataya. Pamapepala amalemba OOG, ndipo mukaona zilembo zimenezo mudziwe kuti mtengo wakwera.

Yachitatu ndi fulatiraki, imene ili ndi pansi polimba ndi makoma awiri akumapeto okha, mbali zonse zili pululu. Imeneyi ndi ya zinthu zotambalala kuposa mamita 2.3 kapena zolemera kwambiri pamalo amodzi: thirakitala yaikulu, thiransifoma, boyila ya fakitale. Katundu amamangidwa ndi matcheni, ndipo amakhala pamtetete, mvula ndi mchere wa m'nyanja zikumupeza, choncho ayenera kukutidwa bwino. Akatambalala kuposa thirela, pamsewu pamafunikanso chilolezo chapadera, nthawi zina ndi galimoto yoperekeza. Pa chigayo cha mpunga imeneyi inali yowononga ndalama.

Yachinayi inali yosafuna kontena yachilendo: kufunsa wogulitsa ngati chimene chikutalikitsa bokosi chingamasulidwe. Zinapezeka kuti chinali chikho cha pamwamba chothiramo mpunga, chomangidwa ndi mabawuti. Atachimasula nkuchiika m'bokosi lakelake, bokosi lalikulu linatsika kufika mamita 2.1 ndipo zonse zinalowa mu twente wamba. Ine ndimayamba ndi funso limeneli nthawi zonse. Makontena opanda denga ndi mafulatiraki ndi ochepa, amadula, ndipo mungadikire masabata kuti ipezeke.

Chimene tinaiwala tonse awiri chinali kutsitsa. Ku Jali kulibe kireni yongoima pamsewu kudikira ntchito, ndipo bokosi la matani awiri ndi theka silitsika ndi anyamata khumi ndi zingwe pamene kontena ili pathirela, yokwera kupitirira mita imodzi kuchokera pansi. Tinachita kutsegulira kontenayo ku Blantyre, kumene kuli mafokolifiti, nkukweza mabokosiwo palole yopanda denga. Zinathandizanso kwina: kontena yopanda kanthu inabwerera msanga. Kampani ya sitima imapereka masiku owerengeka aulere, ndipo akatha imalipiritsa tsiku lililonse m'madola mpaka kontenayo itabwezedwa komwe inanena. Kontena si yanu, mwangobwereka. Ngati msewu wopita kwanu ndi wadothi ndipo ndi nyengo ya dzinja, kapena ndi wokhotakhota ngati wokwera ku Chawe, musayese kupititsako fote.

Chachisanu: katundu wofuna kuzizira

Kontena ya firiji, rifa, ili ndi makoma onenepa otsekereza kutentha ndi makina oziziritsa kumapeto kwake. Makomawo ndi makinawo amadya malo, choncho twente ya firiji ili ndi makyubiki mita pafupifupi 28, ndipo yofala kwambiri, fote yaitali imene pachitseko imalembedwa 45R1, ili ndi pafupifupi 67. Imasunga kuzizira kulikonse kuyambira madigiri 25 pansi pa ziro mpaka 25 pamwamba pake.

Mawu oti imasunga muwagwire. Rifa si firiji ya kunyumba yoti muikemo nyama yotentha mawa mupeze yauma gwa. Ntchito yake ndi kusunga kuzizira kumene katundu walowa nako. Nsomba za karapau kapena nkhuku zoti ziyende pa madigiri 18 pansi pa ziro ziyenera kukhala zitafika kale pamenepo mpaka mkati zisanalowe. Mukaika zofunda, za m'mphepete zimazizira, za pakati pa mulu zimakhala masiku zikuvunda.

Mpweya wozizira umatulukira pansi, kuyenda m'ngalande za chitsulo zimene zili pansi pa kontenayo mpaka kuchitseko, kenako umakwera nkubwerera kumakina kudzera pamwamba pa katundu. Mukamvetsa zimenezi, kapakidwe kamadzifotokoza kokha. Pakhoma pali mzere wofiira pafupi ndi denga, ndipo katundu asapose pamenepo, chifukwa mpata umenewo ndi njira yobwerera ya mpweya. Pansi musasiye malo aakulu opanda katundu pafupi ndi makina, poti mpweya umadzera njira yachidule nkubwerera usanafike kuchitseko, ndipo makatoni a kumeneko amafunda pamene makina akuonetsa kuti zonse zili bwino. Zouma ndi chisanu zimapakidwa mothinana, chifukwa mpweya umangofunika kuzizungulira. Zipatso ndi ndiwo zamasamba ndi zina: izo zikadali zamoyo, zimapuma ndi kutulutsa kutentha, choncho makatoni ake amakhala ndi mabowo oyang'anizana kuti mpweya udutse mkati, ndipo kazenera kolowetsa mpweya wakunja kamatsegulidwa pa mlingo wake. Pa nyama ndi nsomba zouma ndi chisanu kazenerako kamatsekedwa. Musaganizenso kuti kuzizira kwambiri ndi kwabwino pa chilichonse. Nthochi zimayenda pa madigiri 13 kapena 14, ndipo zikazizidwa kuposa pamenepo khungu limachita mbuu ndipo sizipsanso bwino.

Pa fomu yosungitsira malo lembani madigiri momveka, ndi chizindikiro chake. Kusiyana kwa -18 ndi +18 ndi kanzere kamodzi, ndipo kanzereko kakasowa katundu yense wapita. Funsaninso ngati makinawo anayesedwa ulendo usanayambe, zimene amalemba PTI.

Kwa ife vuto lalikulu lili pamtunda. Rifa ilibe magetsi akeake. M'sitima ndi padoko imalumikizidwa, koma pamsewu imafuna jenereta ya dizilo yomangidwa kuthirela kapena kukontenayo. Gwirizanani ndi mwini thiraki papepala kuti jenereta ilipo, dizilo wake walipiridwa ndi ndani, komanso kuti siizimitsidwa usiku kapena pamzere wa pachipata. Ndinaonapo kontena ya nsomba imene inafika makina akuonetsa -18 bwinobwino, koma titatsegula, makatoni a kuchitseko anali opindika, pansi pali madzi ofiira amene anaumanso, ndipo m'mapepala a pulasitiki munali chisanu chonga mchenga. Zizindikiro zimenezo zimanena kuti katundu anasungunukapo nkuumanso. Makina a rifa amasunga mbiri ya kuzizira ya ulendo wonse, ndipo mbiriyo itatulutsidwa inaonetsa maola ambiri opanda magetsi. Ikani kachipangizo kanukanu kolemba kuzizira pakati pa makatoni a pafupi ndi chitseko, kuti pa mkangano mukhale ndi umboni wanu.

Ikafika ku Zomba, musayembekezere kuilumikiza pa soketi ya golosale. Imafuna magetsi a mafezi atatu, a mavoti 380 mpaka 460. Ngati mulibe amenewo kapena chipinda chozizira chokonzeka, jenereta ipitirize kulira mpaka katoni yomaliza itatuluka.

Chachisanu ndi chimodzi: zamadzimadzi

Apa funso loyamba si malita. Funsani ngati chinthucho chili m'gulu la katundu woopsa: choyaka, chowononga khungu kapena chapoizoni. Wogulitsa ali ndi pepala lofotokoza zimenezi, lotchedwa SDS, ndipo ngati pali nambala yoyamba ndi UN, ndiye kuti nchoopsa. Yankho limeneli limatseka njira zina nthawi yomweyo.

Ngati katundu adzagawidwa kwa ogula ambiri, madiramu a malita 200 ndi osavuta: 80 amalowa mu twente, malita 16,000. Palinso mathanki a pulasitiki a malita 1,000 okhala m'khola la zitsulo aja, amene ambiri kuno amasungiramo madzi akatha ntchito, ndipo 18 mpaka 20 amalowa mu twente. Ubwino wake ngwakuti amatsika limodzilimodzi, ndipo safuna thanki yaikulu yolandirira.

Ngati ndi mtundu umodzi wochuluka ndipo si woopsa, monga mafuta ophikira osayengedwa, pali fulekisithanki. Limeneli ndi thumba lalikulu la pulasitiki yolimba loyalidwa m'kati mwa twente wamba, ndipo limanyamula malita 16,000 mpaka 24,000. Ndi lotsika mtengo ndipo limagwira ntchito kamodzi, choncho nkhani yotsuka palibe. Koma kontenayo iyenera kukhala yabwino kwambiri, yopanda msomali kapena chitsulo chotulukira, chifukwa kabowo kamodzi kamataya zonse. Kuchitseko amaikako chotchinga, ndipo chitseko cha kumanzere sichitsegulidwa thumbalo lisanapopedwe. Mumatsegula cha kumanja chokha, kumene kuli mpopi. Auzeni anyamata anu zimenezi thiraki isanafike.

Thanki yeniyeni ya chitsulo chosachita dzimbiri, yomangidwa m'chimango cha kukula kwa twente, imanyamula malita 21,000 mpaka 26,000, ndipo imeneyi ndiyo yololedwa kunyamula zoopsa zambiri. Zina zili ndi mapaipi otenthetsera katundu amene amagwirana kukazizira, monga mafuta a kanjedza. Ili ndi lamulo lake limene ambiri salidziwa: siiyenera kudzazidwa ndendende, ndipo siiyenera kukhala theka. Pamwamba pamasiyidwa mpata, pafupifupi magawo 5 pa 100, chifukwa zamadzimadzi zimafufuma zikatentha. Koma ikakhala pansi pa magawo 80 pa 100, katunduyo amakhavukira kutsogolo dalaivala akaponda buleki, ndi kumbali pakona, ndipo amatha kugwetsa thiraki. Aliyense amene ananyamulapo ndowa ya madzi yosadzaza pamutu akudziwa zimenezi. Funsaninso satifiketi yosonyeza kuti inatsukidwa komanso chimene inanyamula pomaliza, makamaka ngati chanu nchodyedwa.

Pomaliza sinthani malita kukhala makilogalamu, chifukwa sikelo siiwerenga malita. Lita imodzi ya mafuta ophikira imalemera makilogalamu pafupifupi 0.92, choncho malita 24,000 ndi matani 22, ndipo zimatheka. Manyuchi a nzimbe amalemera pafupifupi 1.4 pa lita. Malita 24,000 omwewo angakhale matani oposa 33, zosatheka. Pa matani 24 mungatenge malita 17,000 okha, ndipo mukaika amenewo m'thanki ya malita 26,000 ndi magawo 65 pa 100 basi, pansi pa malire aja. Pamenepo mumafunika thanki yaing'ono ya malita 21,000, kapena yokhala ndi zipupa zamkati zoletsa kukhavuka.

Kontena ikafika yoti mupakiremo

Ngati mukutumiza nandolo kapena china chilichonse, musayambe kupakira musanaiyendere. Werengani chitseko: MAX GROSS ndi malire a zonse pamodzi, TARE ndi kulemera kwa kontenayo, NET kapena PAYLOAD ndi katundu wololedwa. Manambala a kontena imeneyo ndi amene amagwira ntchito, osati a m'nkhani ino. Onani kuti nambala yake, ya zilembo zinayi ndi manambala asanu ndi awiri, ikufanana ndi ya pamapepala.

Kenako lowani mkati masana, mnzanu atseke zitseko kwa mphindi imodzi. Paliponse pamene mukuona kuwala, mvula idzalowa. Nunkhizani, chifukwa fungo la mankhwala kapena la nsomba limalowa m'zakudya ndipo silichoka. Pondani matabwa a pansi muone ngati ndi ouma, ndipo gwirani mphira wa m'mbali mwa zitseko. Ngati china chalakwika ikaneni pomwepo isanatsike, mujambule ndi zithunzi.

Ngakhale yopanda bowo imachita thukuta. Matumba opakidwa kotentha akafika kozizira, chinyezi chimaundana kudenga nkumadonthera mzere wa pamwamba. Nandolo akhale wouma bwino, pansi ndi m'makoma muyale makatoni kapena mapepala okhuthala, mupachike timatumba toyamwa chinyezi, ndipo pakati pa matumba a pamwamba ndi denga musiye mpata wokwana dzanja.